Mmene mungasiyanitsire ng'oma, maseche ndi sansi poyang'ana chithunzi

Mwezi wa Okutobala ukafika, mafoni a anthu a ku Mulanje ndi ku Thyolo amadzaza ndi zithunzi za ku Chonde, kumene Alhomwe amasonkhana pa mwambo wa Mulhako. Zithunzizo zimakhala zokongola, koma mawu olembedwa m'munsi mwake ndiye amasokoneza. Wina amalemba kuti "ng'oma ya makolo athu" pansi pa ng'oma yochokera ku Mali. Mphunzitsi amaonetsa ana kalimba wa m'sitolo n'kuwauza kuti ndi sansi ya agogo awo. Wina amatchula bangwe kuti sansi chifukwa zonse ziwiri waziona zili m'chipanda. Anthu ambiri amalephera ntchito imeneyi chifukwa amathamangira dzina asanayang'ane chinthucho.

Chithunzi sichilira, choncho khutu silingakuthandizeni. Chimene chingakuthandizeni ndi kamangidwe: mmene chikopa chagwirira pa mtengo, mmene tizitsulo tamangidwira pa thabwa, ndi kumene njere zoliza zili. Utoto, zosemasema ndi zovala za woimba zimanamiza, koma kamangidwe sikabisika. Tsatirani ndondomeko ili m'munsimu mmene yalembedweramu, ndipo dzina mulisiye kumapeto.

Zofunika musanayambe

Chithunzi choonekera bwino. Ngati wina akukutumizirani pa WhatsApp, mupempheni achitumize ngati Document, chifukwa chikabwera mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, ndipo zikhomo ndi mawaya zimangooneka ngati madontho.

Foni kapena kompyuta yoti mutha kukuzira chithunzicho.

Pepala ndi cholembera. Musadalire mutu wokha.

Kamtengo ka machesi kapena kapepala koyezera pa galasi la foni.

Mbiri ya chithunzicho ngati ilipo: chinajambulidwa kuti, pa mwambo wanji, ndipo ndani anali kuimba.

Gawo loyamba: konzani maso

1. Pezani choyezera m'chithunzi momwemo. Chitsekerero cha botolo la zakumwa ndi chotambalala pafupifupi masentimita 3. Chikhatho cha munthu wamkulu, osawerengera chala chachikulu, chimakhala masentimita 8 kapena 9. Dulani kapepala kofanana ndi choyezeracho pa galasi la foni, kenaka werengani kuti kalowa kangati m'litali ndi m'mimba mwa choimbiracho. Chenjezo: choyezeracho chikhale pafupi ndi choimbira. Dzanja la munthu amene waima kutsogolo kwenikweni limaoneka lalikulu, ndipo lidzakuchepetserani ng'oma imene ili kumbuyo.

2. Onani kumene wojambula anaima. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Munthu akajambula ng'oma ataiimirira pafupi, foni imakuza mutu wa ng'omayo n'kuchepetsa tsinde lake. Ng'oma yowongoka bwinobwino imaoneka ngati yosongoka kumunsi. Mukaona chikopa chonse chili chozungulira ngati mwachiyang'ana kuchokera pamwamba, musaweruze za thupi la ng'omayo kuchokera pa chithunzi chimenecho. Thupi limaoneka zoona pamene chikopa chikungooneka ngati kamzere kopyapyala, kutanthauza kuti wojambula anagwada n'kujambula cham'mbali.

3. Onani ngati chithunzicho sichinatembenuke. Zithunzi zodzijambula wekha nthawi zambiri zimasinthanitsa kumanja ndi kumanzere. Yang'anani zilembo za pa malaya kapena pa chikwangwani. Ngati zikuwerengeka chobwerera, kumbukirani zimenezi mukafika pa sansi.

4. Funsani kuti chimene chimalira n'chiyani. Chikopa chokokedwa ndiye ng'oma. Njere kapena timiyala togunda chigoba ndiye gulu la maseche. Tizitsulo tomangidwa mbali imodzi, mbali inayo tili lende, ndiye gulu la sansi. Mukaona zingwe kapena mawaya okokedwa kuchokera mbali ina kufika mbali ina, mwatuluka m'magulu atatuwa.

Gawo lachiwiri: ng'oma

5. Werengani zikopa. Ng'oma zambiri za magule a makolo kuno kwathu zili ndi chikopa chimodzi, ndipo kumunsi n'kotsegula. Ng'oma ya zikopa ziwiri, yaifupi ndi yotambalala, imene munthu amaikoleka pa phewa kapena kuipachika pa mphanda n'kumaimenya ndi chibonga, ndi ya mtundu wa beni, mganda ndi malipenga, magule amene anatengera maonekedwe a magulu oimba a asilikali. Ng'oma zotere mumazipezanso m'matchalitchi ndi pa masewera a mpira, ndipo thupi lake kawirikawiri limakhala mgolo wachitsulo wodulidwa. Ngati mbali ya kumunsi yabisika, yang'anani zingwe. Zingwe zimene zatsika thupi lonse mokhotakhota zikupita kukagwira chikopa china.

6. Yang'anitsitsani m'mphepete mwa chikopa. Ili ndiye funso lalikulu kuposa onse pa ng'oma, ndipo ndikupemphani mulipatse nthawi. Kuzani chithunzicho mpaka muone bwino pamene chikopa chapindikira pa mtengo.

Mukaona timitengo tating'ono tikutuluka mozungulira, masentimita angapo pansi pa mlomo wa ng'oma, zimenezo ndi zikhomo. Wopanga ng'oma amaviika chikopa, amachikoka chikadali chofewa, n'kukhoma zikhomozo kupyola m'chikopa kulowa m'mabowo a mu mtengo. Chikauma chimalimba chokha. Kawirikawiri pamakhalanso kalamba ka chikopa kozungulira pamzere wa zikhomozo, ndipo pansi pake pamatsala mphonje ya chikopa yokhala ndi ubweya. Awa ndiwo mapangidwe a ng'oma za tchopa, za gule wamkulu ndi za likhuba. Ena masiku ano amakhoma misomali m'malo mwa zikhomo. Pa chithunzi mudzaona timitu tonyezimira kapena madontho a dzimbiri. Ng'oma ya misomali ndi ya kwathu ndithu, kungoti ndi ya mmisiri wa masiku ano.

Ng'oma ya zikhomo ilibe chokokera. Chikopa chikafooka ndi chinyezi cha kuno ku mapiri, oimba amaiwamba pa moto kuti mawu akwere. Choncho mukaona m'chithunzi kamoto ka udzu pambali pa bwalo masana dzuwa likuswa mtengo, ng'oma zitapendekera chakumotoko, muli ndi umboni wina woti ndi za zikhomo, ngakhale zikhomozo sizikuoneka.

Mukaona zingwe za nayiloni zambirimbiri zitatsika mowongoka kuchokera pa mkombero wachitsulo wa kumutu kufika pa mkombero wina wa m'khosi mwa ng'oma, mwinanso zitalukidwa mopingasa, imeneyo ndi jembe, ng'oma ya ku Mali ndi Guinea. Amisiri a kuno amaisema bwino ndipo imagulitsidwa kwambiri kwa alendo, koma mapangidwe ake si a kuno. Mukaona mabawuti ndi zitsulo zonyezimira, ndi ng'oma ya ku fakitale.

7. Tsopano yang'anani thupi. Yezani chikopa m'mimba mwake, kenaka werengani kuti muyezo umenewo ulowa kangati m'litali mwa ng'oma. Ukalowa kanayi kapena kuposa, ndipo thupi lili lowongoka kapena longochepa pang'ono kumunsi, muli ndi ng'oma yaitali ya mtundu wa mpanje. Woimba amaikhalira kapena kuipendeketsa pakati pa miyendo. Ukalowa kawiri kapena kuchepera apo, thupi lili lonenepa, ndiye ng'oma ya mawu aakulu, imene Achewa amati gunda. Mtundu wachitatu uli ngati mtondo wosinjira: mutu waukulu, khosi lowonda, ndi phazi kumunsi. Palinso ting'oma tating'ono tosemedwa ndi miyendo yoimira pansi, timene nthawi zambiri timamenyedwa ndi timitengo tiwiri.

Chenjezo: thupi la mutu waukulu ndi khosi lowonda limapezeka pa ng'oma za kwathu ndi pa jembe pomwe. Musasiyanitse ndi thupi, bwererani ku sitepe 6.

8. Funani phula. Pakati pa chikopa pakhoza kukhala chibanthu chakuda chozungulira. Oimba amamata phula, lopangidwa ndi phula la njuchi, nsatsi zosinja kapena labala, kuti chikopa chilemere ndipo mawu atsike. Phula lochuluka limatsitsa mawu kwambiri, ndipo ndi mmene oimba likhuba ku Chikwawa ndi ku Nsanje amachunira ng'oma zawo zambiri zosiyana kukula kuti iliyonse ikhale ndi liwu lake. Musasokoneze phula ndi litsiro la manja. Phula ndi lotukuka, lili ndi malire ooneka, ndipo limanyezimira pang'ono padzuwa. Pamene manja apukuta pamakhala posalala, popanda ubweya, ndipo mtundu wake umazilala pang'onopang'ono popanda malire.

9. Onani mtundu wa chikopa ngati chithunzi chikulola. Mphonje yokhuthala ya ubweya waufupi wolimba imasonyeza ng'ombe. Yopyapyala imasonyeza mbuzi kapena nyama yaing'ono ya m'tchire. Timamba ting'onoting'ono tondandalika ndi chikopa cha ng'azi. Mukaona cha ng'azi pa kang'oma kochepa ngati chikho, funani ndodo yotuluka m'mbali mwake. Ikakhalapo, ndipo pali chingwe chimodzi, si ng'oma ayi. Ndi kaligo, amene amalizidwa ndi kauta.

10. Werengani ng'oma zonse zimene zili pamodzi, ndipo onani ovina. Tchopa, amene bungwe la UNESCO linamulemba pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014, amaimbidwa ndi ng'oma za misinkhu itatu. Koma ng'oma zitatu zokha sizikwanira kunena kuti ndi tchopa. Onani nthenga, zikopa ndi akatundu amene ovina abereka. Pa gule wamkulu, ng'oma yotsogolera, imene imalankhula ndi mapazi a wovina, ndi mbalule. Dzina limenelo limanena ntchito ya ng'omayo pa bwalo, ndiye simungalipereke kwa ng'oma imene yangogonekedwa pakhonde popanda woimba.

Gawo lachitatu: maseche ndi anzake

Apa ntchito ndi yofulumira, chifukwa mafunso ndi atatu okha.

11. Chagwiridwa m'manja kapena chavalidwa? Zigoba zambiri zozungulira, zotungidwa pa chingwe kapena pa timitengo n'kumangidwa m'miyendo ya wovina, ndi maseche a m'miyendo. Kuzani chithunzi muone zigobazo. Za zipatso zouma zimasiyana kukula, ndipo chilichonse chili ndi timabowo. Zina zimalukidwa ndi mlaza n'kukhala timatumba ta ngodya. Zikakhala zachitsulo chakuda chopindidwa, chilichonse chili ndi kamwa long'ambika, ndiye mabelu osula, amene amalira ndi kachitsulo ka m'kati mwake. Amenewa musawalembe kuti ndi a zipatso.

12. Ngati chili m'manja, thupi lake n'chiyani? Chitini chobooledwa timabowo ndi msomali, ndodo itapyola pakati, ndi choliza chofala pa magule ambiri masiku ano. Ku Chigwa cha Shire zoliza za m'manja zoperekeza ulimba amati nkhocho, pomwe pa gule wamkulu mumva dzina loti silamba. Chipanda chachitali chotseka, chokhala ndi timiyala m'kati, ndi chitsukulumwe. Chinthu chafulati cha ngodya zinayi, chopangidwa ndi timapesi ta udzu tondandalika mbali zonse ziwiri, chogwiridwa ndi manja awiri, ndi chisekese, chimene amayi a kumpoto amavinira visekese.

Chenjezo: chikho chotungira madzi kapena thobwa chili ndi mpini wachibadwa ngati choliza. Kusiyana kwake n'koti chikho n'chodulidwa m'mbali, pomwe choliza n'chotseka, ndipo chimakhala ndi chotsekera pamene analowetsera njere. Chikho chikavundikiridwa pansi, kamwa lake limabisika. Chikakhala chokha popanda wochigwira, musafulumire kuchipatsa dzina.

13. Njere zili m'kati kapena kunja? Zoliza za kwathu zimabisa njere m'kati. Chipanda chovekedwa ukonde wa mikanda kunja ndi mapangidwe a kumadzulo kwa Afirika, ngakhale mutachiona m'manja mwa kwaya ya ku Luchenza.

Gawo lachinayi: sansi, kalimba ndi mbira

Luso lopanga ndi kuimba sansi linalembedwa ndi UNESCO mu 2020, Malawi ndi Zimbabwe pamodzi. Chimandiwawa n'choti ana ambiri a kuno sanaigwirepo sansi yosula, ndipo chimene amachidziwa ndi kabokosi ka m'sitolo. N'chifukwa chake gawo ili ndalitalikitsa.

14. Tsimikizani kuti ndi tizitsulo, osati mawaya. Tizitsulo ta sansi tapanikizidwa chakumtunda kwa thabwa, ndipo nsonga zake zaloza kwa woimba zili m'malere. Bangwe ndi thabwa lalitali lokhala ndi waya wokokedwa uku ndi uku m'litali mwake, timitengo titaukweza kumapeto. Zonse ziwiri zimalowetsedwa m'chipanda kapena m'chitini kuti mawu akule, ndipo zonse zimatha kukhala ndi zitsekerero za mabotolo zonjenjemera. Ngati chipanda chabisa thabwa, onani manja. Woimba sansi amafumbata thabwa m'mbali, zala zazikulu zili pamwamba. Woimba bangwe amatambasula zala pa mawaya, thabwa litatuluka kutali kunja kwa chipanda. Matabwa ambiri ondandalika omenyedwa ndi timitengo ndiye ulimba kapena mangolongondo, si sansi.

15. Yang'anani thupi cham'mbali ndi chakumunsi. Pali mitundu inayi. Loyamba ndi thabwa lafulati lopanda mphako. Lachiwiri ndi thabwa losemedwa pamwamba, lokhala ndi m'mphepete motukuka kumbuyo ndi m'mbali. Lachitatu ndi mtengo umodzi wokumbidwa mphako kuchokera kumunsi, kotero kuti mbali yoloza kwa woimba ili ndi kamwa; zotere zimapezeka pa zoimbira zazikulu za ku chigwa cha Zambezi, monga malimba a Asena ndi Anyungwe. Lachinayi ndi bokosi lotsekedwa. Pa bokosi funani mizere ya guluu m'ngodya. Matabwa opyapyala olumikizidwa mwaukhondo, ndi bowo lozungulira bwinobwino pakati, amaloza ku fakitale.

16. Werengani tizitsulo ndi mizere yake. Werengani nsonga, osati kumtunda kumene tapanikizana, ndipo werengani kawiri, kuyambira kumanja kenaka kumanzere. Kachitsulo kakathothoka pamatsala mpata, ndiye uwerengeni n'kulemba kuti kamodzi kasowa.

Tizitsulo 7 kapena 8 pa kathabwa kakang'ono, kolumikizidwa ku chipanda ndi chingwe, ndi mapangidwe odziwika kumpoto kwa Mozambique, kumene makolo a Alhomwe anachokera. Kumeneko amati shitata kapena chityatya. Kathabwa kotambalala chakumtunda kapena chakumunsi, kokhala ndi tizitsulo 8 kapena kuposerapo pang'ono, totalika tili pakati, koimbidwa pakamwa pa kachipanda, ndi kalimba wa m'midzi ya Achewa, Ansenga ndi Atumbuka. Tizitsulo 15 m'mizere iwiri, tatifupi titalowa pakati pa tatitali, ndi karimba amene ku Zimbabwe amatinso nyunganyunga. Tizitsulo 22 mpaka 28, mizere iwiri kumanzere ndi mzere umodzi kumanja, ndi mbira dzavadzimu ya Ashona. Imeneyi ili ndi chizindikiro china chosaphonyeka: bowo pa ngodya ya kumunsi kumanja, lolowetsamo chala chaching'ono. Mukaliona kumanzere, kawirikawiri ndiye kuti chithunzicho chatembenuka. Tizitsulo 17 mumzere umodzi, kotalikitsa pakati penipeni, ena akufupika mofanana mbali zonse, ndi kalimba wa m'sitolo, wotengera amene Hugh Tracey, wofufuza nyimbo za mu Afirika, anayamba kupanga ku South Africa m'zaka za m'ma 1950.

17. Kuzani chithunzi pa kachitsulo kamodzi. Kosula pamanja kamayamba kowonda kumtunda n'kumatambalala chakunsonga, chifukwa mmisiri anatenga sipoko ya njinga, waya wa ambulera kapena msomali n'kuuphwanya ndi nyundo. Mudzaona tizigamba ta nyundo, mtundu wakuda, ndi nsonga zowala pamene chala chimapukuta. Palibe tiwiri tofanana ndendende. Ta ku fakitale n'tofanana m'lifupi kuyambira kumtunda mpaka kunsonga, timanyezimira paliponse, ndipo kawirikawiri tadindidwa zilembo monga C, D, E kapena manambala.

Onaninso kachitsulo kopingasa kamene kapanikiza tonse. Amisiri akale amakamanga ndi waya wopyola m'thabwa. Koma mabawuti okha asakupangitseni kunena kuti n'cha ku fakitale, chifukwa amisiri ambiri a masiku ano amasula tizitsulo pamanja n'kumanga ndi mabawuti. Nsonga za tizitsulo ndizo zimanena zoona.

18. Funani zonjenjemeretsa mawu. Timphete tachitsulo tovekedwa pa tizitsulo, zitsekerero za mabotolo kapena zigoba za nkhono zokhomedwa pa kachidutswa ka lata, ndi kabowo komatidwa kansalu koyera ka mazira a kangaude, zonsezi zimaikidwa dala kuti mawu azinjenjemera. Kachigamba koyerako ena amakayesa pokonzedwa pamene panabooka. Si chilema, ndi mbali ya choimbiracho.

Tiyese ndi chithunzi chimodzi

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa ku Bvumbwe walandira chithunzi cha zinthu zinayi zoyalidwa pa mphasa, ndipo akufuna kulemba maina ake pa bolodi. Wojambula anaima chilili, koma ng'oma ziwiri zagonekedwa cham'mbali, choncho matupi ake akuoneka onse. Mwana wagwira chikopa cha ng'oma yoyamba ndi dzanja, ndipo zilembo za pa malaya ake zikuwerengeka bwino, kusonyeza kuti chithunzi sichinatembenuke. Dzanja la mwana silingakhale choyezera chabwino. Mwamwayi pa thabwa la chinthu chachinayi pali zitsekerero za mabotolo, ndipo lili pafupi ndi ng'omazo.

Chikopa cha ng'oma yoyamba chikulowa zitsekerero 7 m'mimba mwake, ndiye pafupifupi masentimita 21. Muyezo umenewo ukulowa kanayi ndi theka m'litali, kutanthauza masentimita 95 kapena chapompo. Thupi ndi lowongoka, palibe chingwe. Pokuza chithunzi, zikhomo zikuoneka, ndipo pakati pa chikopa pali chibanthu chakuda cha malire ooneka. Mphunzitsiyo alembe kuti: ng'oma yaitali ya chikopa chimodzi, ya zikhomo, yomatidwa phula, ya mtundu wa mpanje. Asalembe kuti ndi ya tchopa, chifukwa m'chithunzimo mulibe ovina kapena ng'oma zinzake.

Yachiwiri ili ndi mutu waukulu ndi khosi lowonda, ndipo pa phazi lake pasemedwa phiri ndi mitengo. Zosemazo zimakopa maso, ndipo munthu akhoza kuganiza kuti phirilo ndi umboni woti ng'omayo ndi ya makolo a kuno. Koma m'mphepete mwa chikopa mulibe chikhomo ngakhale chimodzi. Muli mkombero wokutidwa ndi nsalu, ndi zingwe zakuda zotsika mpaka m'khosi. Imeneyi ndi jembe. Mwina inasemedwa ku Mulanje konkuno, koma zimenezo sizisintha mtundu wake.

Chachitatu ndi chitini chokhala ndi timabowo ndi ndodo yopyola pakati: choliza cha m'manja, njere zili m'kati. Dzina lake lidalira gule amene chimaperekeza.

Chachinayi ndi thabwa la zitsekerero 4 m'lifupi ndi 6 m'litali, ndiye masentimita 12 ndi 18. Lilibe bowo la chala pa ngodya, lilibe mizere ya guluu. Nsonga zikuwerengeka 9, ndipo kumanja kuli mpata umodzi, choncho tizitsulo tinali 10. Totalika tili pakati, takuda, totambalala kunsonga, ndipo tamangidwa ndi waya. Mbira dzavadzimu yatuluka chifukwa cha chiwerengero, kalimba wa m'sitolo watuluka chifukwa cha kasulidwe. Chotsala ndi sansi yosula pamanja ya mtundu wa kalimba. Apa mphunzitsiyo aimbire amene anatumiza chithunzicho, amupemphe akafunse mwini wake kuti: "Agogo, chimenechi kwanu kuno mumachitcha chiyani, nanga anakupangirani ndani?" Yankho lawo alilembe pambali pa zimene waona yekha.

19. Lembani zimene mwaona musanalembe dzina. Yambani ndi gulu, kenaka kamangidwe, thupi ndi kukula, ndipo dzina libwere pomaliza. Ku Mulanje ndi ku Thyolo kumakhala Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao moyandikana, ndipo ng'oma imodzimodziyo ikhoza kukhala ndi dzina lina kutsidya kwa mtsinje. Dzina la eni ake ndilo lolemba, pamodzi ndi mudzi kapena dera limene mwalimva. Pa zinthu za gule wamkulu ndi za nsembe, mwini akakana kufotokoza, lembani za kamangidwe zokhazo ndipo musamukakamize.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kukhulupirira mawu amene abwera ndi chithunzi. Chithunzi chikadutsa m'mafoni ambiri, mawu ake amasintha m'njira. Yesani nokha masitepe 6 ndi 16 musanawatumize kwa ena.

Kuweruza ndi malo. Ng'oma yojambulidwa ku Chonde si ya Alhomwe chifukwa choti yajambulidwa kumeneko. Ku mwambo kumabwera magulu a alendo, makwaya ndi ogulitsa malonda, aliyense ndi zoimbira zake.

Kuyesa kuti chakuda ndi chakale. Zogulitsa kwa alendo zimapakidwa polishi kapena kudetsedwa ndi utsi. Choimbira chimene chagwira ntchito chimatha pamalo ogwira: pakati pa chikopa, pa mlomo wa ng'oma, kunsonga za tizitsulo ndi m'mbali mwa thabwa momwe zikhatho zimafumbata. Chikada mofanana paliponse, mpaka m'malo amene dzanja silifika, kudako n'kopaka.

Kukana chitini, misomali ndi masipoko kuti si zachikhalidwe. Amisiri amagwiritsa ntchito zimene zilipo. Sansi ya masipoko a njinga ndi sansi yeniyeni, ndipo choliza cha chitini chimene chavinitsa anthu pa bwalo chikuposa chipanda chokongola chopangidwira kukongoletsa pa shelefu.

Kusokoneza mtondo ndi ng'oma yopanda chikopa. Ng'oma imene chikopa chinatha imatsala ndi mzere wa timabowo ta zikhomo pansi pa mlomo wake, ndipo khoma lake n'lopyapyala. Mtondo uli ndi mlomo wokhuthala, ulibe timabowo, ndipo pansi pake n'potseka.

Kudalira chithunzi chimodzi pamene mukanatha kupempha china. Ngati choimbiracho chikadalipo, pemphani zithunzi zitatu: cham'mbali wojambula atagwada, cha pafupi pamene chikopa kapena tizitsulo tamangidwira, ndi cha kumunsi kapena kumbuyo. Auzeni aike chitsekerero cha botolo pambali pake, ndipo ajambule pamthunzi wowala, chifukwa dzuwa la masana limabisa zikhomo mumdima wa pansi pa mlomo wa ng'oma.